Chithunzi cha aphunzitsi chikongole, koma nkhope ikhale yawo yomwe

Tsegulani gulu lililonse la WhatsApp la makolo ndi aphunzitsi, muyang'ane tizithunzi tomwe tili pambali pa mayina. Mupeza aphunzitsi ena aika chithunzi cha pa ukwati wa mphwawo, phewa la munthu wina likuonekera chakumbali chifukwa anachita kuchidula. Ena aika cha pa maliro atavala yunifolomu ya mvano, ena maluwa, ena galimoto yomwe si yawo. Palibe cholakwa kwenikweni, mpaka tsiku lomwe sukulu ina kapena bungwe lina lanena kuti, "Tumizani chithunzi chooneka bwino cha nkhope ndi mapewa pofika Lachisanu."

Pamenepo ndi pomwe achinyamata a m'banjamo mumaitanidwa, poti ndinu muli ndi foni yabwino komanso mumadziwa za mapulogalamu a AI okonza zithunzi, monga omwe ali mu ChatGPT ndi Gemini. Mumalowetsamo chithunzi, n'kulemba mawu ofotokoza zomwe mukufuna, ndipo pakangopita kanthawi chithunzi china chatuluka. Mawu amenewa ndi omwe ambiri akuwatchula kuti pulomputi. Ine ndimajambula zithunzi m'maukwati ndi m'mazinkhoswe, ndipo miyezi yapitayi ndakhala ndikuona zithunzi zambiri zotere zikuzungulira. Zambiri n'zokongola ndithu, koma vuto lake n'lakuti munthu wake simungamuzindikire.

Ndikufotokozerani mmene tinakonzera chithunzi cha alamu anga, omwe amaphunzitsa Sitandade 6 pa pulaimale ina m'boma la Dedza. Anasankhidwa kukachita nawo maphunziro a aphunzitsi, ndipo okonza ake anafuna chithunzi choti aike pa tsamba la otenga nawo mbali. Chomwecho anafuna kuti akachiikenso pa LinkedIn ndi pa WhatsApp.

Mzere umodzi sukwanira

Woyamba kuyesa anali mwana wa achemwali awo, mnyamata wa Fomu 4. Anatenga selefi yomwe alamu anajambula usiku m'nyumba, n'kulemba mawu awa:

```
Make me a professional teacher photo
```

Chomwe chinatuluka chinali mayi wooneka ngati wa zaka 28, pomwe alamu anga anadutsa kale 40. Khungu linayera ngati wadzola mafuta oyeretsa, mphuno inawongoka, ndipo mpata womwe ali nawo pakati pa mano akutsogolo unatsekeka. M'khosi munali chingwe cha khadi la ntchito lolembedwa zilembo zosawerengeka, kumbuyo kuli mashelefu a mabuku ofika kudenga, malo omwe alamu sanapondeko chibadwire. Atachiona anaseka mpaka misozi, kenaka anati, "Ndiye ndikakafika kumaphunziroko ndikanena kuti ndine ndani? Akandibweza pageti."

Funso limeneli ndiye mutu wa nkhani yonse. Chithunzi cha pa dipi ntchito yake n'kuti munthu yemwe sanakuonenipo akuzindikireni mukakumana, ndipo yemwe amakudziwani avomereze kuti ndinudi. Kwa mphunzitsi, yemwe makolo amamusungitsa ana awo, chithunzi chonama chimaononga chinthu chomwe ntchito yake yatsamirapo, ndicho kukhulupirika.

Chifukwa chake zinatuluka chonchi n'chosavuta kumva. Pulogalamu yotere sitenga chithunzi chanu n'kungosintha malaya monga amachitira telala. Imajambula chithunzi chatsopano, ikutengera chanu chija komanso zithunzi zankhaninkhani zomwe inaphunzirirapo. Pomwe simunanene kanthu, imadzazapo zomwe inazolowera kuona. Zithunzi zambiri za "mphunzitsi wooneka bwino" zomwe zili pa intaneti n'za kunja, zojambulidwa m'masitudiyo, anthu ake osalala nkhope. Mukasiya mpata waukulu, munthu wanu amakokeredwa komweko. Choncho pulomputi yabwino ntchito yake n'kutseka mipata: inene zoti zisasinthe, inene zoti zisinthe, ndipo zosinthazo izitchule bwinobwino.

Yambani ndi chithunzi, mawu abwera pambuyo

Ndisanalembe liwu ngakhale limodzi, ndinawauza alamu kuti selefi ija tiitaye. Selefi ya usiku ili ndi mavuto atatu. Kuwala kukachepa, foni imafufuta timizere ta pakhungu, ndipo pulogalamu imangopeka pomwe sipakuoneka. Foni ikakhala pafupi ndi nkhope, mtunda wa mkono umodzi, mphuno ndi chipumi zimakula pomwe makutu amathawira kumbuyo. Chachitatu, mafoni ambiri amakhala ndi kafyuluta kokongoletsa pa kamera yakutsogolo, komwe kamayeretsa khungu inu musanapemphe. Mukapereka chithunzi chotere, ndiye kuti bodza layamba kale pulogalamu isanagwire ntchito.

Tinajambula china Loweruka cha m'ma 8 koloko m'mawa, pakhonde. Alamu anaima pamthunzi atayang'ana kubwalo komwe kumachokera kuwala, khoma lili kumbuyo kwawo. Dzuwa la masana musalikhulupirire, limaika mithunzi yakuda m'maso ndi pansi pa mphuno, munthu n'kumatsinzinanso. Ndinapukuta galasi la kamera ndi nsalu, poti foni yokhalira m'thumba imakhala ndi mafuta a zala. Ndinagwiritsa ntchito kamera yakumbuyo, nditaima mtunda wa pafupifupi mamita awiri, foni ili pa msinkhu wa maso awo, n'kukoka pang'ono podina pomwe palembedwa `2x`. Mtunda umenewu ndi womwe umabwezera mphuno m'malo mwake. Pa zoikamo za kamera, chilichonse cholembedwa `Beauty` ndinachizimitsa.

Tinajambula khumi, n'kusankha chimodzi chomwe akumwetulira monga amachitira akamalandira mlendo, mano akuoneka pang'ono. Ichi n'chofunika. Mukapereka chithunzi cha munthu wotseka pakamwa n'kulamula kuti amwetulire, pulogalamu imamupangira mano omwe sinawaonepo, ndipo amatuluka oyera mbee, ofanana ngati chimanga cha haibulidi. Kumwetulira komwe mukukufuna kukhale kale m'chithunzi choyambacho.

Ngati wojambula ndi wina ndipo akukutumizirani pa WhatsApp, muuzeni atumize ngati `Document`. Chikatumizidwa mwa nthawi zonse, WhatsApp imachifinya kuti chichepe, ndipo timizere tomwe timapanga nkhope ya munthu timatayika.

Pulomputi yomwe tinalemba

Pulomputi tinailemba m'Chingerezi. Mapulogalamuwa amamva Chichewa mwa apo ndi apo, koma pa mayina a zovala, mitundu ndi kuwala amasochera msanga. Si Chingerezi chozama ayi, ndipo mutha kukopera iyi n'kusintha pomwe pakukhudza munthu wanu:

```
Edit the attached photo into a professional headshot of this same woman.
Keep her face, age, dark brown skin tone, hair, glasses and smile exactly as they are.
Keep the gap in her front teeth and her natural skin texture.
Head and shoulders, centred, square 1:1, with space above the head.
Attire: plain navy blazer over a plain cream blouse.
Background: plain light classroom wall, softly blurred, no writing, no people.
Soft window light from one side, natural colours.
```

Ndi mizere isanu ndi iwiri, ndipo uliwonse uli ndi ntchito yake. Woyamba ukunena kuti tikukonza chithunzi chomwe talowetsa, cha mayi yemweyu, osati kupanga munthu wina. Wachiwiri ndi wachitatu ndi mlonda wa nkhope. Akutchula zinthu zoti zisakhudzidwe: msinkhu, mtundu wa khungu, tsitsi, magalasi ndi kumwetulira. Taonani kuti khungu talitchula mtundu wake. Mukangolemba kuti khungu lisasinthe osanena kuti n'lotani, nthawi zina limatulukabe litayera pang'ono. Mpata wa mano tinautchula pawokha chifukwa pulogalamu imauona ngati cholakwika chofunika kukonza, chikhalirecho kwathu kuno anthu amauyamikira. Chimodzimodzi chipsera, kadontho kakuda patsaya kapena imvi. Chilichonse chomwe mwana wa munthuyo angatchule pomufotokoza, chilembeni.

Mzere wachinayi ukunena za kadulidwe. Chithunzi chikhale chofanana mbali zonse zinayi, mutu ndi mapewa zili pakati, pamwamba pa mutu patatsala malo. Chifukwa chake n'chakuti WhatsApp ndi LinkedIn zonse zimaonetsa dipi yozungulira ngati mbale, makona anayi aja amadulidwa. Mutu ukagunda kumwamba kwa chithunzi, tsitsi kapena duku zimapita ndi makonawo. LinkedIn imafuna chithunzi cha mapikiselo osachepera 400 m'litali ndi 400 m'lifupi, ndipo zomwe mapulogalamuwa amatulutsa zimapitirira pamenepo, choncho kukula si vuto.

Mzere womaliza ndi wa kuwala. Tinapempha kuwala kofewa kwa pa zenera, kochokera mbali imodzi, chifukwa n'komwe kunali kale m'chithunzi cha pakhonde chija. Mukapempha magetsi a m'situdiyo pomwe nkhope inajambulidwa pamthunzi, pulogalamu imakakamizika kujambulanso nkhope yonse kuti igwirizane ndi kuwala kwatsopanoko, ndipo m'pomwe munthu amayamba kusintha. Mawu okometsa omwe amadzadza m'mapulomputi oyenda m'magulu, onena za khungu lopanda banga kapena kukongola kwa m'magazini, tinawasiya dala. Amenewo ndi omwe amafufuta zaka khumi pankhope ya munthu.

Mizere iwiri yatsalayo, ya chovala ndi ya kumbuyo, ndi yomwe tinakambirana nthawi yaitali.

Chovala: chomwe mungavale polandira mlendo kusukulu

Ndinawafunsa alamu funso limodzi: "Alamu, atati mawa kukubwera a PEA kudzayendera kalasi yanu, mungavale chiyani?" Anayankha kuti jekete yawo yabuluu wakuda ndi bulauzi yoyererako. Basi, chimenecho n'chomwe tinalemba. Muyeso wake ndi umenewu: chovala cha pachithunzi chikhale chomwe munthuyo ali nacho, kapena chomwe anzake a mu sitafu sangadabwe kumuona atavala. Mphunzitsi wa pulaimale atavala suti yonyezimira ngati bwana wa banki amaoneka ngati wabwereka, ngakhale chithunzi chitakhala chabwino chotani.

Liwu loti `plain` tinaliika kawiri, kutanthauza nsalu yopanda maluwa kapena mizere. Pali zifukwa ziwiri. Pa dipi chithunzi chimachepa ngati ndalama yachitsulo, ndipo timizere ting'onoting'ono timangosokoneza maso. Chinanso, mapulogalamuwa amalephera kulondoloza mizere: imayamba bwino paphewa, ikafika pa kolala yapindika kapena yasowa. Mtundu nawo tinausankha poganizira khungu. Bulauzi yoyera mbee pafupi ndi nkhope yakuda imakoka diso, nkhope n'kuoneka yamdima, pomwe yoyererako ngati mkaka imaunikira pansi pa chibwano popanda kulanda malo. Jekete yakuda ija imapanga mpanda womwe umasiyanitsa munthu ndi khoma.

Nanga chitenje? Aphunzitsi ambiri Lachisanu amavala zosokedwa ndi chitenje, ndipo alamu anafunanso chithunzi china chotero. Apa pali msampha. Mukalemba `African print`, kawirikawiri mumalandira nsalu ya kumadzulo kwa Afirika, monga kente ya ku Ghana, ndipo nthawi zina amakuwonjezerani duku lalikulu lomangidwa mwa ku Nigeria ndi mikanda yomwe simunapemphe. Ngakhale mutalemba liwu loti chitenje, maluwa ake ikhala yopeka yokha. Njira yabwino n'kuvala diresi lenilenilo pojambula chithunzi choyamba, kenaka mzere wa chovala n'kuusintha chonchi:

```
Attire: keep her own dress exactly as in the photo, same pattern and colours.
```

Kunena zoona, ngakhale jekete ija, ngati ilipo m'nyumba, ivaleni pojambula. Pulogalamu ikapatsidwa zochepa zoti isinthe, nkhope imatsala yanu. Kuveka munthu chovala cha m'mawu kuzikhala kwa pomwe jekete ili kochapitsa kapena kulibiretu.

Kwa abambo mfundo ndi yomweyo, kungoti mzere wake ungakhale uwu, ndipo kwina konse m'pulomputi musinthe mawu onena za mayi kuti anene za bambo:

```
Attire: plain light blue shirt with a neat collar and a plain dark tie.
```

Pa abambo muziyang'anitsitsa mfundo ya tayi ndi nsonga za kolala, chifukwa m'pomwe pamaonekera zachilendo: nsonga imodzi yaitali, ina yaifupi, kapena tayi yomera kuchokera m'batani. Ndevu ndi dazi muzitchule m'mzere wachiwiri uja, apo ayi ndevu zimasalazidwa ndipo tsitsi limamera pomwe linachoka kalekale.

Kumbuyo: bolodi kapena khoma?

Alamu anafuna bolodi. "Munthu akangoona adziwe kuti ndine mphunzitsi," anatero. Maganizo ake ndi omveka, ndipo tinayesa kuti aone okha. Chithunzi chili chachikulu chinaoneka bwino, koma titachichepetsa ngati dipi, tsitsi lakuda, jekete yakuda ndi bolodi yakuda zinangokhala chinthu chimodzi, magalasi ndi mano okha zikuoneka. Lamulo la ojambula n'lakuti kumbuyo kusiyane ndi munthu: wa khungu lakuda ndi zovala zakuda amafuna kumbuyo kowala pang'ono, wovala zoyera amafuna kodera.

Bolodi ili ndi vuto linanso. Pulogalamu ikamva za bolodi imafuna kulembapo, ndipo zomwe imalemba nthawi zambiri ndi zilembo zopotoka kapena masamu olakwa. Tangoganizani mphunzitsi wa Sitandade 6 akumwetulira kutsogolo kwa samu yomwe yankho lake n'labodza, makolo onse akuona. Mapu nawonso n'chimodzimodzi, imatha kujambula Afirika wopanda nyanja ya Malawi kapena maiko osadziwika. N'chifukwa chake m'pulomputi muli mawu akuti pasakhale zolemba. Komabe dziwani kuti mapulogalamu ena mukatchula chinthu, ngakhale mukuchikana, amachibweretsa. Mukaona zolemba zikubwerabe, chotsani mawu okanawo, mungonena chomwe mukufuna, monga `blank wall`, kutanthauza khoma lopanda kalikonse.

Tinagwirizana za khoma loyererako la m'kalasi, losaoneka bwinobwino ngati lili patali. Kusaoneka bwinoku kumathandiza pawiri: diso limapita pankhope, ndipo zolakwa zing'onozing'ono za kumbuyo zimabisika. Alamu anadandaula kuti uphunzitsi wawo sukuoneka, koma ndinawakumbutsa kuti pansi pa chithunzi pakhala dzina ndi ntchito yawo. Chithunzi chionetse munthu, mawu anene udindo. Ngati mukufunabe kafungo ka sukulu, pemphani kuti kachigawo kochepa ka bolodi yopukutidwa kaonekere chakumbali, kumbuyo kwa mutu kukhale khoma. Pa LinkedIn kapena pofunsira ntchito, kumbuyo kotuwa kopanda kanthu, `plain light grey background`, sikulakwa.

Mawu akuti pasakhale anthu nawo si ongodzazira. Mukatchula kalasi, pulogalamu imakonda kuikamo ana, ndipo amatuluka ndi nkhope zosungunuka ndi yunifolomu ya sukulu yosadziwika. Mashelefu a mabuku aja, ma laputopu ndi nyumba zagalasi tinazikana pa chifukwa china: zimanena za malo omwe munthu sagwirako ntchito. Khoma ndi khoma, silinamizira kanthu.

Mayeso atatu musanaike

Chithunzi chikatuluka musathamangire kuika. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ife tinachiyesa katatu.

Poyamba tinachiika pambali pa choyambirira chija n'kukulitsa zonse ziwiri. Tinayerekeza kufutukuka kwa mphuno, kukula kwa milomo, pomwe tsitsi limayambira pachipumi, ndi mtundu wa khungu la patsaya poyerekeza ndi la pakhosi. Tinayang'ananso magalasi ngati miyendo yake ikufika kumakutu, ndolo ngati zikufanana, ndi mabatani ngati ali pamzere umodzi. Khungu likakhala losalala ngati la chidole, lopanda timabowo ndi timakwinya ta m'mbali mwa maso, ndiye kuti pulogalamu yapitirira malire.

Pa ulendo woyamba zonse zinali bwino kupatula chimodzi: khosi linatalika ndipo masaya anaphwa, ngati alamu achepa thupi. Apa anthu ambiri amalemba kuti "konza masaya" pa chithunzi chomwe chatulukacho, kenaka "konza kolala", kenaka china. Musatero. Nthawi iliyonse pulogalamu imajambulanso chonse kuchokera pa chomwe yajambula kale, ndipo pofika kachinayi nkhope yapita kutali, monga mmene uthenga umasinthira ukadutsa pakamwa pa anthu ambiri. Ife tinayambiranso, kulowetsa chithunzi cha pakhonde chija, n'kuwonjezera mzere umodzi m'pulomputi:

```
Keep her face shape, cheeks and neck the same size as in the photo.
```

Kuyambiranso kumapulumutsanso bandulo, komanso mwayi wanu, poti ogwiritsa ntchito mwaulere amapatsidwa zithunzi zowerengeka patsiku. Ndi bwino kukhala mphindi khumi mukukonza mawu kusiyana n'kuyesa kakhumi mwachimbulimbuli.

Mayeso achiwiri anali ochepetsa. Tinachiika pa dipi n'kuyang'ana mmene chikuonekera pa mndandanda wa macheza, pomwe chimakhala kakang'ono kwambiri. Nkhope inadzaza pafupifupi theka la bwalo, tsitsi silinadulidwe, ndipo munthu ankazindikirika foni ili patali.

Achitatu ndiwo aakulu. Tinaitana mwana wawo wamkazi wa zaka 9, osamuuza kanthu, n'kumufunsa kuti uyu ndani. Anayankha msangamsanga kuti, "Amayi, koma jekete asita bwino." Chithunzi choyamba chija atachiona anali atafunsa kuti, "Ndi anti ake a ndani?" Mwana sakometsa, ndipo ngati wazengereza ngakhale pang'ono, chithunzicho chisapite kulikonse.

Pomwe chithunzi chotere sichiyenera kufika

Chithunzi chokonzedwa motere n'cha dipi, tsamba la maphunziro, kapena mbiri ya ntchito ya pa intaneti. Pa chiphaso cha unzika, pasipoti, laisensi, kapena fomu iliyonse ya boma ndi ya mayeso yofuna chithunzi chozindikiritsa munthu, musachipereke. Kumeneko kumafunika chithunzi chenicheni chosakhudzidwa. Ngati sukulu yomwe mukufunsirako ntchito yanena kuti chithunzi chikhale cha saizi ya pasipoti, pitani ku situdiyo.

Musapemphenso pulogalamu kuti ikuvekeni gauni ya digiri yomwe mulibe, baji ya sukulu, kapena chizindikiro cha yunivesite. Kusintha jekete n'kudzikonza, koma kuvala maphunziro a eni n'kunama, ndipo kwa mphunzitsi bodza lotere likhoza kumutsata mpaka ku ofesi ya maphunziro. Wina akafunsa ngati chithunzi chinakonzedwa, ingonenani zoona kuti nkhope ndi yanu, kumbuyo ndi chovala zinakonzedwa pa foni. Kubisa sikuthandiza, poti zithunzi zambiri zotere zimakhala ndi chizindikiro: zochokera mu Gemini, mwachitsanzo, zimanyamula chidindo chosaoneka ndi maso chotchedwa SynthID.

Kumbukiraninso kuti chithunzi chomwe mwalowetsa chimachoka m'foni mwanu, chimapita ku makompyuta a kampani yomwe ili kunja kwa dziko. Choncho chithunzi cha amayi anu, aunt anu kapena aphunzitsi anu musachilowetse iwo osadziwa. Afotokozereni kaye, avomere. Ndipo chithunzi chomwe muli ana asukulu musachilowetse n'komwe, ngakhale mutati mukungofuna kudulamo nkhope ya aphunzitsi. Ana amenewo ndi a eni, ndipo makolo awo sanafunsidwe. Dulani kaye pa foni panu kuti mutsale munthu mmodzi, kapena jambulani china. Mapulogalamu ambiri ali ndi malo pa zoikamo pomwe mungakane kuti zomwe mwatumiza zigwiritsidwe ntchito powaphunzitsa, ndipo n'kwanzeru kupazimitsa musanayambe.

Pali mfundo ina yomwe ndimauza aliyense wondipempha pulomputi. Mukatsatira bwino za kujambula zija, kuwala kwa pakhonde, mamita awiri, jekete yositidwa ndi khoma loyera, nthawi zambiri mupeza kuti chithunzicho chakwana kale, chongofunika kudula. Pulogalamu imathandiza pomwe khoma lili ndi ming'alu, pomwe kumbuyo kuli chingwe cha zovala, kapena pomwe chovala choyenera palibe ndipo Lachisanu layandikira. Zikatero lembani mizere yanu modekha, muyambe ndi zoti zisasinthe, ndipo musanadine potumiza, muitaneni mwana wa m'nyumbamo adzakuuzeni ngati ali amayi ake.